Kaloboti kathu kakuti kayenda mamita 5 koma tepi ikukana, vuto lili pati?

Funso: "Ndine mphunzitsi wa sayansi kuno ku Chipata, ndikuthandiza ana a kalabu ya JETS kupanga kaloboti ka mawilo awiri. Tili ndi Arduino Uno, timamota tachikasu tija, mawilo a mamilimita 65, timadisiki ta mabowo 20 ndi sensa yake ya LM393. Tikakauza kuyenda mamita 5 mowongoka, sikirini ikulemba 5000 koma tepi ikutipatsa mamita 4.88, ndipo kakupatukira kumanzere pafupifupi masentimita 30 olo mawilo onse awerenga chimodzimodzi, 490 uku 490 uku. Tikakazungulitsa m'kalasi ndiye kakusocheratu. Tigule masensa ena kapena pulogalamu yathu ndiyo yolakwika?"

Aphunzitsi, ndalama yanu isungeni kaye, masensawo ali bwino, ndipo manambala mwapereka aja ndi okwanira kuti tipeze pomwe pagona vuto. Chinthu choyamba choti anawo amvetse ndi ichi, enkoda, yomwe ndi kadisiki ndi sensa yake ija, siipima mtunda ayi. Imangowerenga kuti kadisiki kadula kuwala kangati basi. Mtunda timachita kuuganizira tokha pochulukitsa nambala ija ndi utali omwe tikukhulupirira kuti wilo imayenda bowo limodzi likadutsa, ndiye chikhulupiriro chimenecho chikalakwika pang'ono chabe, kulakwako kumalowa pa bowo lililonse, kumaunjikana, ndipo palibe chomwe chimabwera kudzachotsako. Zili ngati munthu wogulitsa chimanga ndi meda pa Kapata, meda yake ikakhala yoperewera kadzanja kamodzi simungaone pa meda imodzi, koma akakupimirani mameda 100 thumba limaoneka lokha kuti silinadzaze, chonsecho kuwerenga wawerenga bwinobwino osaphonya olo imodzi.

Tiyeni tiyambe ndi masentimita 12 akusowawo chifukwa ndiwo osavuta. Wilo ya mamilimita 65 ikazungulira kamodzi imayenda 65 × 3.1416, ndiye mamilimita 204.2, mukagawa ndi mabowo 20 mupeza 10.21 pa bowo limodzi. Mamita 5 ndiye amafuna mabowo 490, ndi momwe pulogalamu yanu yapezera nambala ija. Koma 65 ija ndi ya wogulitsa, ndi ya tayala losasenza kanthu. Tayala la timawilo timeneti ndi labala yofewa, mukaikapo mabatire ndi bodi limaphwatalala pansi pomwe lagunda simenti, ndiye wilo imakhala ngati yachepa. Tengani zomwe tepi yakuuzani, 4880 kugawa ndi 490, mupeza 9.96 pa bowo, kutanthauza kuti wilo yanu ikugwira ntchito ngati ya mamilimita 63.4. Chotsani 10.21 mu pulogalamu muikemo 9.96, vuto limenelo latha. Musavutike kupima wilo ndi lula kapena kuizinga ulusi, wilo imapimidwa ikuyenda, itasenza katundu wake yense, pansi pomwe izikagwirira ntchito. Yendetsani kasanu mutenge nambala yapakati.

Koma musanakhulupirire 490 ija, chitani kaye kayeso aka, ine ndimayamba nako nthawi zonse. Nyamulani kaloboti m'mwamba, lembani kachizindikiro ndi choko pa tayala, zungulitsani wilo ndi dzanja ka 10 pang'onopang'ono. Sikirini iyenera kulemba 200 ndendende. Ikalemba 213 kapena 230, mawa ina, ndiye kuti sensa ikuwerenga mabowo omwe kulibe. Timabodi tambiri ta LM393 tili ndi khalidwe limeneli, m'mphepete mwa bowo mukamadutsa pang'onopang'ono siginolo siidumpha kamodzi kuchoka pansi kupita pamwamba, imanjenjemera kaye, ndiye intarapiti, mbali ya pulogalamu yomwe imadzuka siginolo ikasintha, imawerenga kunjenjemera kulikonse ngati bowo. Mota nayonso imaponya phokoso la magetsi m'mawaya, ndipo dzuwa likalowa pawindo nkugunda sensa limasokoneza. Pa mota wotcherani kakapasita kolembedwa 104 pakati pa miyendo yake iwiri, mawaya a sensa asayende limodzi ndi a mota, kenako mu pulogalamu chitani chonchi:

```
volatile long nL = 0;
volatile unsigned long tL = 0;
void isrL() {
  unsigned long t = micros();
  if (t - tL > 2000) nL++;
  tL = t;
}
// mu setup():
attachInterrupt(digitalPinToInterrupt(2), isrL, CHANGE);
```

Apa tikungovomera kusintha komwe kwabwera patakhala bata la mamilisekondi awiri. Timamota timeneti pa mavoti 6 timazungulira cha m'ma 200 pa mphindi, ndiye kusintha kwenikweni kumatalikirana mamilisekondi 7 kapena kuposa, simutaya kalikonse. Ndaika `CHANGE` dala, chifukwa mukasiya `RISING` kunjenjemera kwa potuluka bowo nakonso kumaoneka ngati bowo latsopano ndipo sefa ya nthawi siikugwira. Ndi `CHANGE` muziwerenga 40 pa kuzungulira kumodzi osati 20, ndiye manambala onse a pa bowo ndikupatsani pano mudzawagawe pawiri. Wilo inayo ipite pa pini 3, Uno ili ndi mapini awiri okhawo a ntchito imeneyi. Nambala isungidwe mu `long` osati `int`, poti `int` ya pa Uno imathera pa 32767 kenako imatembenuka kukhala ya mainasi, ndipo poikopera mu `loop()` izingeni ndi `noInterrupts()` ndi `interrupts()` kuti isasinthe muli pakati poiwerenga. Kwa inu ndikuganiza kuti mbali imeneyi ili bwino, chifukwa sensa yowerenga zabodza siingakupatseni 4.88 mobwerezabwereza, koma yesani ndithu.

Manje tifike pa nkhani yeniyeni, kupatuka kuja. Apa ndipomwe ndikufuna anawo akhalitse, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti chomwe chimasocheretsa loboti ndi kulakwa kwa mtunda, pomwe chimene chimapha ndi kulakwa kwa komwe yaloza. Masamu omwe loboti ya mawilo awiri imadziwira pomwe ili ndi awa:

```
dL = nL * mmL;  dR = nR * mmR;
d   = (dL + dR) / 2;
dth = (dR - dL) / b;
x  += d * cos(th + dth / 2);
y  += d * sin(th + dth / 2);
th += dth;
```

`nL` ndi `nR` apa ndi mabowo omwe adutsa kuchokera pomwe munawerenga komaliza, `mmL` ndi `mmR` ndi mamilimita a pa bowo limodzi a wilo iliyonse, `b` ndi mpata wa pakati pa mawilo awiri, ndipo `th` ndi komwe kaloboti kaloza, mu maradiyani. Simunanene `b` yanu, nditenga mamilimita 130 poti timaloboti totere timakhala cha pamenepo, inu muikapo yanu. Yang'anani mzere wachitatu uja bwino. Kukhota konse kukuchokera pa kusiyana kwa manambala awiri akuluakulu omwe ali pafupi kufanana, kenako nkugawa ndi kanambala kakang'ono. Ndiye kasiyana kochepetsetsa pakati pa mawilo kamakula kwambiri.

Tiyerekeze kuti wilo ya kumanzere ikugwira ngati 63.3 ndipo ya kumanja ngati 63.5. Kusiyana kwa 0.2 chabe, ngati mapepala awiri a m'kope ataphatikizana, ndi maso simungaone. Pa kuzungulira kumodzi ya kumanja ipitirira inzake ndi 0.2 × 3.1416, mamilimita 0.63. Mabowo 490 ndi kuzungulira ka 24.5, ndiye pofika kumapeto ya kumanja yayenda mamilimita 15.4 kuposa inzake. Gawani ndi 130, mupeza maradiyani 0.118, omwe ndi madigiri pafupifupi 7. Kaloboti kakhota madigiri 7 kumanzere koma ma enkoda onse awiri akunena zoona kuti 490 uku 490 uku, pulogalamu ikuona `dth` ili ziro ndiye ikukhulupirira kuti kali pa mzere. Ndipo kupatuka kwa m'mbali ndi pafupifupi mtunda kuchulukitsa ndi ngodya ija nkugawa pawiri, 4880 × 0.118 ÷ 2, mamilimita 290 kapena cha pamenepo. Si awo masentimita 30 anu?

Chowawa ndi momwe kupatukaku kumakulira. Kulakwa kwa mtunda kuja kumakula molingana ndi ulendo, masentimita 12 pa mamita 5, 24 pa mamita 10. Koma kwa m'mbali kumakula kanayi ulendo ukawirikiza kawiri, chifukwa ngodya ikukulirakulira ndipo mita iliyonse yatsopano ikuyendedwa moloza kolakwika kuposa yapitayo. Pa mamita awiri ndi theka ndi masentimita 7 okha, pa mamita 5 ndi 29, pa mamita 10 yapitirira mita. Ndi chifukwa chake poyamba kamaoneka ngati kakuchita bwino kenako mwadzidzidzi kasochera. Sikuti china chake chaonongeka panjira, kulakwako kunalipo kuyambira pa bowo loyamba, kumangoti kunali kusanaonekere.

Mungatsimikize bwanji kuti ndi mawilo osati kuti mwana anakaika mokhota poyambira? Chifukwa nazonso zimachitika, digiri imodzi yokha poika imabala masentimita 9 pa mamita 5. Jambulani mzere wa choko pansi, muike chizindikiro pakati pa ulendo. Ngati pakatipo kapatuka masentimita 15 ndipo kumapeto 30, njira yake ndi yowongoka, vuto ndi kaikidwe, khomani kathabwa koti kazitsamira poyamba. Ngati pakati ndi 7 kumapeto 30, njira ndi yopindika ngati uta, ndi mawilo amenewo. Kenako sinthanitsani mawilo, ya kumanja ipite kumanzere. Kakayamba kupatukira kumanja nkhani yatha. Kakapitirizabe kumanzere yang'anani kwina, mwina mabatire alemera mbali imodzi nkuphwatalitsa tayala limodzi, mwina mota imodzi inamangidwa mopendama, kapena kawilo kakumbuyo kaja kakukoka. Kukonza kwake sikofuna wilo yatsopano, ndikungopatsa wilo iliyonse nambala yakeyake. 15.4 kugawa ndi 490 ndi 0.03 pa bowo, ndiye `mmL = 9.944` ndi `mmR = 9.976`, ndipo pulogalamu yowongola isamafananitse mabowo, izifananitsa `dL` ndi `dR`.

Pokhota napo pali msampha wake, ndipo ndi `b` ija. Tayala ndi lotambalala, ndiye palibe amene angaloze ndi lula kuti likugunda pansi penipeni pati. Ipimeni chonchi, kaloboti kazungulire pamalo amodzi, wilo ina kutsogolo ina kumbuyo, pang'onopang'ono, ka 10 kathunthu mpaka kalozenso pa mzere wa choko, muone mabowo. `b` itakhaladi 130 wilo iliyonse ingawerenge 410. Tinene kuti mwapeza 425, ndiye `b` yeniyeni ndi 425 × 9.96 kugawa ndi 31.416, mamilimita 134.7. Ndiye kuti nthawi zonse mukakauza kukhota madigiri 90 kamakhota 87 nkuima kali kokhutira kuti kamaliza.

Apa pali chinthu chomwe chinandipusitsapo ine ndipo ndinataya nacho masiku, ndiye mvetserani. Tengani kaloboti komweka kayende bwalo la makona anayi, mbali iliyonse mamita awiri, kakukhotera kumanzere. Pa mbali iliyonse mawilo osiyana aja akuonjezera madigiri pafupifupi 3 kumanzere, pa kona iliyonse `b` yolakwika ikuchotsa madigiri 3. Ziwirizi zikufafanizana, kaloboti kabwerera pafupi ndi pomwe kanayambira, aliyense aomba m'manja kuti zatheka. Katembenuzeni kazikhotera kumanja muone, zolakwa ziwiri zija manje zikuphatikizana, madigiri 6 pa mbali iliyonse, pomaliza kaphonya ndi madigiri oposa 20. Ine ndinayesa mbali imodzi yokha, tsiku loonetsa anthu njira inali yokhotera kwinako, kaloboti kanakalowa pansi pa mabenchi. Johann Borenstein ndi Liqiang Feng a ku yunivesite ya Michigan anafalitsa njira yoyesera zimenezi mu 1996, imatchedwa UMBmark, loboti imayenda bwalo la mamita 4 mbali iliyonse, kasanu mozungulira uku kasanu mozungulira uko, pa chifukwa chomwechi chakuti mbali imodzi imabisa. M'kalasi mwanu mamita awiri akwana, chachikulu ndi kuyenda mbali zonse ziwiri.

Zonse ndanenazi ndi zolakwa zobwerezabwereza, zomwe zimatuluka chimodzimodzi ulendo uliwonse, ndipo ubwino wake ndi womwewo, mukazipima mumazichotsa. Mudzazidziwa poona timadontho ta choko ta pomwe kaloboti kaima, maulendo asanu onse taunjikana malo amodzi koma kutali ndi pomwe mumafuna. Mukamaliza kukonza, mulu uja usunthira pa chandamale koma sudzakhala kadontho kamodzi, udzakhalabe omwazikana, ndipo kumwazikanako ndi mtundu wina wa kulakwa omwe nambala iliyonse mu pulogalamu siingachotse.

Gwero lake loyamba ndi kutsetsereka. Simenti ya m'makalasi mwathu yopaka polishi yofiira ija, ikalowa fumbi la mu Okutobala, tayala limazungulira kaye lisanagwire makamaka ponyamuka ndi poima, enkoda iwerenga koma kaloboti sikanasunthe. Kamwala kamodzi pansi pa wilo imodzi kapena mng'alu wa simenti zimakhotetsa kaloboti kadigiri kamodzi, ndipo kadigiri kameneko kamakhala mu ulendo onse otsala. Si vuto la zida zotchipa zokha ayi. Mu 2005 galimoto ya NASA yotchedwa Opportunity inatitimira mu mchenga ku Mars kwa milungu pafupifupi isanu, ndipo poitulutsa mawilo anazungulira zokwana mamita pafupifupi 190 kuti isunthe mita imodzi yokha. Inu chomwe mungachite ndi kupukuta matayala ndi kansalu konyowa musanayese, kusesa pansi, ndi kukweza liwiro pang'onopang'ono m'malo moponya `analogWrite` pa 255 nthawi imodzi. Batire ikakhala yodzaza kumene kutsetsereka ponyamuka kumachuluka, ndiye musadabwe zotsatira za m'mawa zikasiyana ndi za masana.

Lachiwiri ndi kadisiki komweko, ndipo apa ndinene mosabisa, mabowo 20 ndi ochepa kwambiri pa nkhani yokhota. Bowo limodzi pa wilo imodzi ndi mamilimita 10, mukagawa ndi `b` ndi madigiri oposa 4. Kona ya madigiri 90 ndi mabowo 10 kapena 11 chabe pa wilo iliyonse, ndiye kaloboti sikangathe olo kuona kulakwa kwa madigiri awiri. Poyenda mowongoka izi sizimaunjikana kwenikweni, chifukwa kachidutswa kotsala ka bowo kamawerengedwa ulendo otsatira, pokhapokha ngati mukubweza kauntala pa ziro pa kona iliyonse, pamenepo ndiye mukhoza kutaya mabowo omwe adutsa pakati pa kuwerenga ndi kubwezako. Musamabweze pa ziro, muzisunga nambala yakale nkuchotsera. Komanso sensa ya diso limodzi siidziwa kuti wilo ikupita kutsogolo kapena kumbuyo, pulogalamu imangoganizira potengera zomwe yalamula mota. Mukalamula kubwerera wilo ikadali kuthamangira kutsogolo, mabowo awiri atatu amenewo awerengedwa mbali yolakwika, ndipo pa kona ndi madigiri ambiri amenewo. Imitsani kaye, dikirani mpaka nambala isiye kusintha, kenako mutembenuze. Ngati kalabu idzapeze kandalama, apa ndi pomwe ndingakaike, pa mamota okhala ndi enkoda ya masiginolo awiri A ndi B yomangidwa kumbuyo kwa mota magiya asanafike. Imeneyo imadziwa mbali yomwe ikuzungulira ndipo imawerenga mazana pa kuzungulira kumodzi kwa wilo. Koma dziwani kuti olo imeneyo siiona tayala lophwatalala kapena kutsetsereka, kuyesa konse kwa tepi ndi choko kuja mudzachitabe.

Ena adzakuuzani kuti muike jailo ngati MPU6050 zonse zitha. Imathandizadi kwambiri pa makona, poti imamva kukhota kwa thupi la kaloboti osadalira matayala. Koma nayonso imapima liwiro la kukhota nkumaphatikiza, ndiye kalakwa kake kakang'ono kamaunjikana ndi nthawi olo kaloboti kangoima. Mukaigwiritsa, kaloboti kakhale chete masekondi angapo poyatsa, mutenge nambala yapakati ya zomwe ikuwerenga ili chiimire, muziichotsa pa zowerenga zonse. GPS ya wamba iwalani, imaphonya ndi mamita angapo ndipo pansi pa malata imavutika.

Chomwe chimathetsadi kusochera ndi chinthu chakunja chomwe sichisuntha. Dalaivala wochoka ku Chipata kupita ku Katete olo mita ya galimoto yake ikhale yonama sasochera, chifukwa chikwangwani chilichonse cha mu Great East Road chimamuuzanso pomwe ali, kulakwa konse kwa m'mbuyo nkufafanizika. Kaloboti kanu kapatseni zikwangwani zake. Matani tepi yakuda ya magetsi modutsa njira pa mamita awiri aliwonse, pansi pa kaloboti kutsogolo muike timasensa tiwiri toona mzere, kena kumanzere kena kumanja. Kakafika pa tepi pulogalamu ilembe mtunda weniweni omwe mukuudziwa kale m'malo mwa woganizira uja. Ndipo timasensa tiwirito tikupatsaninso ngodya, tinene kuti tatalikirana mamilimita 100, ka kumanja kaona tepi kenako kaloboti kayenda mamilimita 10 ka kumanzere kasanaone, ndiye kuti kapendama 10 kugawa ndi 100, maradiyani 0.1, madigiri pafupifupi 6 kulozera kumanzere. Poti mabowo anu ndi akuluakulu, njira yosavuta kuposa kuwerengera ndi kuimitsa wilo ya mbali yomwe yaona tepi, inayo ipitirire pang'onopang'ono mpaka nayo ione, mubwereze kawiri, kenako mulembe `th = 0`. Pakati pa tepi ndi tepi enkoda ikwanitsa bwinobwino, chifukwa pa mamita awiri olo musanakonze kalikonse kupatuka kunali masentimita 5 okha.

Anawo apatseni kope alembe maulendo onse, tsiku, pansi pomwe ayesera, mabowo a uku ndi uku, ndi zomwe tepi yanena kutsogolo ndi m'mbali. Ayambe ndi kuzungulitsa wilo ndi dzanja, kenako mamita 5 kasanu, kenako kuzungulira pamalo amodzi ka 10, bwalo la mbali zonse ziwiri likhale lomaliza. Mukasintha mabatire kuika olemera kapena kusamukira mu holo ya pansi pena, mamita 5 aja muwayesenso, chifukwa 9.96 ija ndi ya katundu ameneyo pa simenti imeneyo.